Kapezedwe ka mawu omveka mofanana polemba kolasi ya nyimbo

Achinyamata a kukwaya ndi anzanga ena amene akukonzekera kulowa mu situdiyo akhala akundifunsa funso limodzimodzi: "Ndili ndi mawu amene ndikufuna akhale mutu wa kolasi, koma ndikusowa ena oti agwirizane nawo kumapeto kwa mizere. Ndiyambire pati?" Ndayankha pakamwa kambirimbiri, ndiye lero ndati ndingolemba kamodzi. Ndigwiritsa ntchito mawu akuti raimu, monga oimba ambiri amanenera, kutanthauza kufanana kwa kamvekedwe kumapeto kwa mizere. Raimu yathunthu ndi ija mawu awiri amathera chimodzimodzi, monga moni ndi chisoni. Raimu yapafupi ndi ija amangoyandikana, khutu n'kuvomera ngakhale malembo akusiyana pang'ono. Chitsanzo chathu kuyambira pano mpaka kumapeto chikhala mawu akuti mtima, chifukwa ndi amene anthu amabwera nawo kawirikawiri.

1. Tsimikizani kaye mawu amene akutsekadi mzere

Musanayambe kusaka, lembani mzere wonse umene muli mawu anuwo. Anthu ambiri amandiuza kuti akufuna raimu ya mtima, koma ndikawafunsa mzerewo ndimapeza kuti ukuthera pa "mtima wanga". Pamenepo mawu otseka mzere ndi wanga, ndipo khutu la womvera lidzadikira mawu othera mu -anga. Mukapeza mdima ndi kuzima n'kuziika pansi pa "mtima wanga", palibe chimene chigwirizane. Choncho sankhani: mzere uthere pa mtima, kapena pa wanga. Ife tisankha mtima.

2. Dulani mawuwo kuchokera kumapeto, ndipo musatenge lembo limodzi lokha

Apa ndi pamene pali chinsinsi chonse cha raimu ya Chichewa. Chiyankhulo chathu chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mawu athu onse amathera pa limodzi mwa malembo amenewa. Kuwonjezera apo, aneni ambiri amathera pa a. Ndiye mukanena kuti mtima ndi nyumba zikugwirizana chifukwa zonse zathera pa a, simunapeze kanthu. Mizere inayi yolembedwa mwachisawawa ikhoza kuthera pa a yonse popanda wolemba kufuna. Khutu la Mchewa linazolowera zimenezo ndipo silizimva ngati luso.

Pamene khutu limatchera ndi pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Phatikizo ndi kachigawo ka mawu kamene kamatuluka ndi mpweya umodzi, monga tinkaphunzirira kusukulu: m-ti-ma. Yesani kunena mokweza kuti "wandipweteka mtima" ndipo mumve pamene mawu akukoka. Mumva kuti ti watalikirapo, ngati mukunena kuti mtiima. Umu ndi mmene Chichewa chimachitira kumapeto kwa chiganizo: phatikizo lotsatizana ndi lomaliza limakokedwa. Chifukwa chake raimu yathu imayambira pa lembo la liwu la phatikizo limenelo mpaka kumapeto. Pa mtima, chigawo chimenecho ndi -ima. Ine ndimachitcha mchira wa mawu, ndipo ndipitiriza kuchitcha choncho. Mchira wa chikondi ndi -ondi, wa mvula ndi -ula, wa chisoni ndi -oni.

Lembani mchirawo pamwamba pa pepala. Uli ndi zigawo zitatu: i wokokedwa, m wapakati, ndi a womaliza. Zigawo zitatuzi tizifunanso posachedwa.

3. Yendetsani malembo kutsogolo kwa mchira kuti mupeze raimu yathunthu

Mtanthauziramawu sakuthandizani kwenikweni pano, chifukwa amasanja mawu potengera lembo loyamba pamene inu mukufuna omaliza. Njira yodalirika ndi yapakamwa. Tengani mchira uja ndipo muziika malembo kutsogolo kwake limodzi ndi limodzi, mukutchula mokweza: ima, bima, chima, dima, fima, mpaka zima. Pa lililonse dzifunseni ngati pali mawu amene amathera pamenepo. Musayembekeze kuti kachidutswako kakhale mawu pakokha. Dima pakokha mwina sikakuuzani kanthu, koma mukakatchula kawiri mumva mdima. Nima kakupatsani kung'anima. Sima kakupatsani nsima ndi kusisima.

Cholakwika chofala ndi kuthera pa malembo a alifabeti okha. Chichewa chili ndi malembo ophatikizana ambiri, ndipo mawu abwino amabisala kumeneko. Mukamaliza a mpaka z, bwererani ndi ph, th, kh, ts, dz, ny, ng', mb, nd, nj, nkh, nth, mph. Ndi pa th pamene mupeze kuthima, kamene munthu woyendetsa t yekha sangakapeze.

Ine nditachita zimenezi ndi -ima, pepala langa linali ndi izi: mdima, nsima, kuima, kulima, kuzima, kuthima, kupima, kusisima, kung'anima, kunyezima, ndi dzina la boma la Salima. Lembani zonse, ngakhale zimene mukuona kale kuti sizikugwirizana ndi nkhani yanu. Nthawi yosefa ikubwera. Mukayamba kusefa muli pakati posaka, mutu umaima ndipo mumathera pa mawu atatu oyamba amene aliyense amawapeza.

4. Tsegulani raimu yapafupi posintha chigawo chimodzi chokha

Raimu yathunthu imatha msanga, ndipo kolasi yodzaza nayo nthawi zina imamveka ngati ndakatulo ya ana a sukulu. Raimu yapafupi imakupatsani mawu ochuluka komanso ufulu wonena zimene mukufunadi kunena. Lamulo lake ndi limodzi: mwa zigawo zitatu za mchira, sinthani chimodzi ndipo ziwiri zikhale momwemo. Mukasintha ziwiri, khutu silionanso ubale.

Khomo loyamba ndi ili: yambani ndi lembo lapakati, chifukwa ndi limene womvera salilabadira kwambiri. Koma musalisinthe ndi lembo lililonse. Tengani m'bale wake. M ali pa ubale ndi n ndi ny, chifukwa onsewa mpweya umatulukira m'mphuno. Ndiye kuchokera pa -ima mupita pa -ina, n'kupeza dzina, kuvina, mwina, wina, kwina, kutsinzina. Pa -inya pali kufinya. M alinso pa ubale ndi mb, popeza onse milomo imakumana, ndipo -imba akupatsani kuimba, kulimba ndi dimba. Mukawonjezera w mupeza kuchimwa. Mawu ngati njira kapena kufika nawonso ali ndi i ndi a m'malo mwake, koma r ndi k ali kutali ndi m, ndiye ubale wake ndi wofooka. Akhoza kugwira ntchito pa mzere wapakati, koma osati pamene mukufuna anthu amve kuti kolasi yatsekeka.

Mabanja ena oti muwasunge m'mutu pa mawu ena ndi awa: p, ph ndi b, t, th ndi d, k, kh ndi g, s, z, ts ndi dz, f ndi v. L ndi r musawaone ngati osiyana nkomwe. M'kalembedwe kawirikawiri timalemba r pambuyo pa e ndi i, l m'malo ena, koma pakamwa ndi pafupifupi liwu limodzi.

Khomo lachiwiri ndi kusintha lembo lomaliza, kusunga -im-. Apa mupeza chitsime, ndime, lilime, mzimu, tchimo, mlimi, ulimi. Khomo lachitatu ndi kusintha lembo lokokedwa lija, kusunga -ma: chuma, kuuma, kutuma, kuluma, kulema, kutema. Makomo awiriwa musawaweruze panopa. Kuti ndi ati amene agwire ntchito zitengera kaimbidwe kanu, ndipo tifikapo pa gawo 6. Ingowalembani m'magulu osiyana kuti mudziwe khomo limene aliyense walowera.

5. Chotsani raimu yaulere imene galamala imapereka

Nayi kolasi ya mtundu umene ndimalandira kawirikawiri. Ndailemba ndekha kuti ndisaloze munthu:

Unapita nawo mtima wanga
Ndatsala ndi misozi yanga
Bwerera chikondi changa
Iwe ndiwe moyo wanga

Wolemba amaona ngati wapeza raimu inayi, koma awa ndi mawu amodzi obwerezedwa kanayi, ongosintha lembo loyamba potsatira gulu la dzina. Chimodzimodzi ndi wako, yako, chako, kapena kutseka mzere uliwonse ndi -nso, -tu kapena -ko. Aneni nawo amapusitsa: kukondedwa, kudedwa, kusiyidwa, kapena kukondana, kusiyana, kudana. Msintho wa mneni ndi umodzi, ndiye kufananako kumabwera kokha popanda inu kugwira ntchito.

Sindikunena kuti kubwereza ndi kulakwa. Nyimbo zathu za pamtondo, za kuchinkhoswe ndi za kutchalitchi zimakhalira pa kubwereza, wotsogolera akuyamba ena akuyankha, ndipo zimagwira mtima. Ngati mukubwereza wanga mwadala kuti anthu avomereze mosavuta, chitani, koma dziwani kuti chimene mukuchitacho ndi kubwereza. Ngati mukufuna raimu, gwirizanitsani mawu a mitundu yosiyana: dzina ndi mneni, kapena mawu a umwini ndi dzina. Wanga agwirizane ndi chimanga, phanga, nkhanga, nyanga kapena kumanga. Pamenepo womvera amadabwa pang'ono, ndipo kudabwa kumeneko ndi kumene kumamupangitsa kukumbukira mzerewo.

Timawu tomatirira kumapeto tili ndi mbali ina imene ingakuthandizeni. Mukawonjezera kamodzi, kukoka kuja kumasunthira kutsogolo ndipo mchira umasintha. Mtima ukakhala mtimawu, phatikizo lokokedwa silikhalanso ti koma ma, ndipo mchira watsopano ndi -awu. Tsopano ukugwirizana ndi mawu. Mukakakamira ndi mchira wosauka, yesani kuloza chinthucho kapena kuwonjezera -mo, -po kapena -yo, muone ngati mchira watsopano uli ndi abale ambiri. Koma zichitike pa mzere umodzi. Mukamatira -wu pa mizere yonse mwabwerera ku raimu yaulere ija.

6. Imbani mawu aliwonse pa nyimbo yeniyeniyo

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi chifukwa chake kolasi yooneka bwino papepala imakagwa pa maikolofoni. Raimu imaweruzidwa ndi khutu, mawu ali pa nyimbo yake. Pali zinthu zitatu zoti muyese, ndipo chilichonse chimachotsa mawu ena pamndandanda wanu.

Choyamba, pezani phatikizo limene nyimbo yanu ikukoka kumapeto kwa mzere. Poyankhula timakoka lachiwiri kuchokera kumapeto, koma poimba si nthawi zonse. Ng'ung'udzani kolasi yanu popanda mawu, kenako ikanimo mtima kumapeto. Kodi mukuimba kuti mtiiima, kapena mtimaaa? Yankho la funso limeneli ndi limene likusankhireni khomo pa awiri aja tinawasiya. Ngati mukukoka ti, womvera akhala nthawi yaitali akumva i, ndipo lembo lomaliza lingodutsa mwachangu. Pamenepo chitsime, mzimu ndi ndime zigwira bwino, pamene chuma ndi kulema zimveka zachilendo, popeza mzere wina ukukoka i wina u. Ngati mukukoka ma, zinthu zimatembenuka. Mtimaaa ndi chumaaa zimveka ngati mapasa, koma mtimaaa ndi chitsimeee zisemphana poyera, ndipo pakwaya zimaonekera kwambiri chifukwa anthu ambiri atsegula pakamwa pa lembo limodzi kwa nthawi yaitali. Ndinaonapo gulu lina likuvutika madzulo onse ndi mizere iwiri, wina akuti vuto ndi atenala, wina akuti ndi woimba kiyibodi, pamene vuto linali lakuti mzere woyamba unkathera pa a wokokedwa ndipo wachiwiri pa e wokokedwa. Titasintha mawu amodzi, phokoso lonse linatha.

Raimu yathunthu ndi ija yosintha lembo lapakati zimapulumuka pa kaimbidwe konse kuwiri, chifukwa malembo a liwu onse awiri ali momwemo. N'chifukwa chake ndinati muyambire khomo limenelo.

Chachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kamvekedwe kameneka ngakhale sitikalemba. Aliyense amadziwa kuti mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa katundu pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, koma pa woyambawo liwu limakwera pa te, pamene wachiwiriwo umayenda pansi. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona nazonso zimasiyana choncho. Pa mtima, liwu limakwera pa ti n'kutsika pa ma. Mdima, nsima, dzina ndi chuma zimayenda njira yomweyo, ndiye zimakhala bwino pa kaimbidwe kamodzi. Tsopano yesani mneni. Nenani kuti "akufuna kulima", kenako lamulani munthu kuti "lima". Pa kulima liwu lakwera pa li, ngati mtima. Pa lima wolamula, liwu langoyenda pansi. Malembo omaliza ndi omwewo, koma pamene mwaika lima wolamula pa nyimbo imene inakwanira mtima, pakamwa pamamva kukakamizika.

Oimba amapotoza kamvekedwe ka mawu nthawi zambiri ndipo anthu amamvabe, chifukwa nkhani yonse imawathandiza kuzindikira tanthauzo. Koma mawu otseka mzere wa kolasi ndi amene amamveka kwambiri ndi kubwerezedwa kwambiri, ndiye pamenepo samalani. Kuyesa kwake n'kosavuta: nenani mzerewo monga mukuyankhula ndi mnzanu, kenako uimbeni, kenako munenenso. Ngati pa maphatikizo awiri omaliza nyimbo ikukwera pamene kuyankhula kukutsika, ndipo mukumva ngati mlendo amene akuphunzira Chichewa, sinthani chimodzi: mawuwo, nthawi ya mneni, kapena manoti awiri omalizawo. Nthawi zambiri kusintha nthawi ya mneni kumakwanira, chifukwa kamvekedwe ka mneni kamasintha ndi nthawi yake.

Chachitatu ndi kuwerenga maphatikizo, ndipo pano pali msampha waung'ono. Mtima ali ndi maphatikizo atatu, chifukwa m woyambayo amaima payekha: m-ti-ma. Mdima chimodzimodzi. Koma nsima ali ndi awiri okha, nsi-ma, chifukwa n samaima payekha. Papepala mawu atatuwa ali ndi malembo asanu aliyense, koma pa biti satenga malo ofanana. Kuwonjezera apo, poimba timameza. Mukaimba mwachangu kuti "kwagwa mdima", m uja amakonda kukamatirira kumbuyo, n'kumveka ngati kwagwam-dima. Malembo a liwu awiri akakumana, monga mu "usiku uno", akhoza kusanduka limodzi. Choncho musawerenge ndi maso. Ombani m'manja kapena gogodani patebulo mukuimba, ndipo muwerenge zimene pakamwa pakutulutsadi.

Mukamaliza kuyesa kutatuku, jambulani pafoni mizere iwiri iwiri, mawu anu okha popanda zida, ndipo mumvetsere mawa lake m'mawa. Usiku womwe mwalemba, chilichonse chimamveka bwino chifukwa mutu ukudziwa kale zimene mumafuna. Mawa lake khutu limakhala ngati la munthu wina.

7. Sefani ndi tanthauzo, kenako sanjani mizere

Tiyeni timalize chitsanzo chathu. Nkhani ya kolasi ndi ya munthu amene mnzake anapita kutali ndipo akumudikira madzulo. Tiyerekeze kuti nyimbo ikukoka phatikizo lomaliza, mtimaaa, ndipo mzere uliwonse ukufuna maphatikizo ngati 10.

Chifukwa cha kakokedweko, chitsime, mzimu, ndime ndi anzake achoka kale. Pa raimu yathunthu, nsima ndiichotsa. Imagwirizana bwino kwambiri ndi mtima, koma mu nyimbo ya kusungulumwa anthu aseka, pokhapokha ngati mwaiikamo mwadala ndi chithunzi cholimba, monga mbale yotsala yopanda woidya. Kupima ndi kulima zikutengera nkhani kuchipatala ndi kumunda kumene sitikupita. Salima akhoza kulowa pokhapokha ngati munthuyo anapitadi kumeneko m'nkhani yanu. Musasamutse munthu chifukwa cha raimu. Otsala amene akukhala m'dziko limodzi ndi nkhaniyi ndi mdima, kuzima, kuthima, kusisima, ndipo ku raimu yapafupi, dzina ndi wina.

Posanja, mawu anu aakulu muwasunge kumapeto. Womvera akamva mdima ndi kuzima, khutu lake limayamba kuyembekezera -ima wina, ndipo mtima akafika pa mzere womaliza amamva kuti nyimbo yafika kwawo. Mukayamba ndi mtima, mizere yotsatira imamveka ngati yongofunafuna chogwirizana nawo. Raimu yapafupi iikeni pa mzere wachitatu, pamene imapumitsa khutu pang'ono lisanalandire yomaliza. Kulemba koyamba kunatuluka chonchi:

Dzuwa lalowa, kwagwa mdima
Moto wa m'nyumba wayamba kuzima
Ndikuitana lako dzina
Bwera udzatonthoze mtima

Mzere woyamba ndi womaliza ali ndi maphatikizo 10 aliyense. Wachiwiri uli ndi 12, ndipo poimba ndinkathamanga kuti ndikwanitse. Ndinaufupikitsa kukhala "Moto wa pakhomo ukuzima", umene uli ndi 10, komanso ukuonetsa moto umene munthu akuuona ali panja kudikira.

Wachitatu uli ndi vuto lalikulu kuposa kuwerenga. "Lako dzina" ndi kutembenuza mawu kuti dzina afike kumapeto. Alakatuli amachita zimenezi ndipo m'nyimbo zambiri mumazimva, koma palibe amene amayankhula choncho pakhomo, ndipo womvera amazindikira kuti raimu ndi imene yalamula chiganizo. Kolasi ndi gawo limene mukufuna anthu aziimba okha ali kuchigayo kapena m'minibasi, ndiye iyenera kuyenda ngati kuyankhula. M'malo motembenuza, funani kanenedwe kamene mwachibadwa kamaika mawuwo kumapeto. Timati kumutchula munthu dzina, ndiye umwini ukhoza kulowa mu mneni: "Usiku uno ndakutchula dzina". Papepala ndi maphatikizo 11, koma usiku uno poimba amameza u mmodzi, n'kutsala 10. Kolasi inakhala motere:

Dzuwa lalowa, kwagwa mdima
Moto wa pakhomo ukuzima
Usiku uno ndakutchula dzina
Bwera udzatonthoze mtima

Onani kuti pa mawu anayi otseka mizere, atatu ndi mayina ndipo amodzi ndi mneni, palibe amene wafanana ndi mnzake chifukwa cha galamala, ndipo onse liwu likukwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nyimbo ikanakhala yokoka ti, ndikanayesa chitsime pa mzere wachitatu, chifukwa chithunzi cha munthu wodikira pachitsime chimagwirizana ndi nkhani yotereyi.

Njira ina yoyesera imene ndimaikonda: imbirani mnzanu mizere itatu ndi theka, muime musanatchule mawu omaliza. Akatha kumalizitsa yekha, raimu yanu yakonza njira bwino. Koma akamalizitsa mizere yonse inayi musanafike, ndiye kuti mwatenga mawu amene aliyense amawayembekezera, ndipo mzere umodzi ukufunika mawu ochokera pansi pa mndandanda wanu.

8. Mchira ukakhala wosauka

Mawu ena alibe abale ambiri. Chikondi ndi chitsanzo chabwino: mukayendetsa malembo onse pa -ondi mupeza zochepa kwambiri. Musataye usiku wonse pamenepo. Pitani ku raimu yapafupi mwachangu. Mukachotsa d mutsala ndi -oni, ndipo pamenepo pali chisoni, moni, mboni, komanso mawu obwereka monga foni ndi Joni, dzina limene anthu amatchulira ku South Africa. Mawu obwereka musawaope ngati anthu amawanenadi tsiku ndi tsiku. Nyimbo ya munthu amene mwamuna wake ali ku Joni ndipo akudikira foni ili ndi raimu zake kale m'nkhani momwemo. Ingowaimbani monga timawatchulira, ndi lembo la liwu kumapeto, chifukwa mukawatchula Chingelezi mchira uja umaduka.

Zikakanikabe, chotsani mawuwo kumapeto n'kuwaika pakati kapena koyambirira kwa mzere. Mutu wa nyimbo suyenera kukhala wotseka mzere nthawi zonse. Mukhozanso kutseka ndi mvekero, mawu aja ojambula chinthu ndi kamvekedwe, monga zii, bii, phee ndi mbee. Amenewa amakoka okha kumapeto, ndiye amakwanira bwino pa nyimbo yokoka phatikizo lomaliza: "kunja kwati bii" ndi "m'nyumba mwati zii" ndi mizere iwiri yogwirizana popanda kukakamiza kalikonse.

Pomaliza, mapepala amene mwasakira aja musataye. Gulani kope limodzi, tsamba lililonse likhale la mchira umodzi: -ima, -oni, -anga, -ula, -ira. Pamwamba lembani raimu yathunthu, pansi magulu atatu a yapafupi, ndipo pambali pa mawu aliwonse ikani kachizindikiro kosonyeza pamene liwu likukwera. Mukamva mawu atsopano pawailesi, pamaliro kapena kwa agogo, alembeni pa tsamba lake tsiku lomwelo. Ine kusisima ndinakamva kwa mayi wina wachikulire akufotokoza za mwana wodwala, ndipo kanakhala pa tsamba la -ima nthawi yaitali kasanapeze nyimbo yake.